Kontilakita akufuna sudo pa seva yathu kwa sabata imodzi, nditani kuti idzitsekere yokha?

Nabanda wa ku Mufakose (Lolemba, 10 Malichi 2025, 8:14)

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Ndine ndimasamala makompyuta pa sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira kuno ku Graniteside ku Harare, ndipo ndili ndekha. Tili ndi seva imodzi ya Ubuntu 22.04 yomwe imasunga detabesi ya malonda pa PostgreSQL 14. Masiku ano detabesiyi ikuchedwa kwambiri, moti a pa kauntala amadikira kuti risiti ituluke kasitomala ataima, komanso bakapu yathu ndi yakuti ndimakopera pamanja pa fulashi Lachisanu lililonse. Abwana apeza kontilakita woti akonze zonse ziwiri. Ayamba mawa, ndipo pangano likutha Lachisanu pa 14, 5 koloko madzulo.

Iye wandiuza kuti ndimutsegulire akaunti ya SSH ndipo ndimuike mu gulu la sudo, lomwe limapatsa munthu mphamvu zonse pa makina. Mtima wanga sukufuna, chifukwa chaka chatha ndinapsa kale. Tinali ndi munthu wina wokonza za makina osindikizira, atamaliza ndinatseka akaunti yake ndi `passwd -l`, ine n'kumati basi zatha. Patapita miyezi inayi ndikuyang'ana `last` ndinapeza dzina lake, analowa kawiri mwezi umenewo. Sanaononge kanthu, koma usiku umenewo sindinagone.

Ndiye funso langa ndi ili: pali njira yoti ndimupatse mphamvuzi lero n'kuikiratu tsiku ndi ola loti zidzathe zokha, ngakhale ine nditaiwala kapena nditadwala?

Gama_Highfield (8:31)

Achemwali, zosavuta izi. Muikeni mu gulu la sudo, kenako mutchere msampha woti udzamuchotse Lachisanu, titi dzina la akaunti yake ndi kontra:

```
sudo systemd-run --on-calendar="2025-03-14 17:00" gpasswd -d kontra sudo
```

Ine ndimachita chomwechi ndipo sichinandigwiritsepo mwala. Nthawi ikakwana amangopezeka wachotsedwa.

Mbewe wa ku Dzivarasekwa (8:40)

Kwathu ku fakitale timawapatsa khadi la pa geti la mtundu wina, lachikasu, ndipo alonda amalilanda akamatuluka tsiku lomaliza. Asayine m'buku polowa ndi potuluka. Chipinda cha seva musamupatse kiyi wake ayi, azilowa inu mulipo.

Nabanda wa ku Mufakose (8:46)

Zikomo a Mbewe, koma munthuyu safika n'komwe kuno. Azigwira ntchito ali kwawo, kulowa kudzera pa netiweki. Kiyi amene ndikunena ndi wa SSH, osati wa loko.

Mbewe wa ku Dzivarasekwa (8:48)

Ooh, pepani mayi, ndinamva molakwika. Ndikhala pansi ndimvere nawo, chifukwa nafenso amene amatikonzera pulogalamu ya malipiro amalowa ali kutali.

Amalume Phiri (9:27)

Nabanda, ndiyambe ndi za chaka chathazo kuti zisakuvutitseninso. Lamulo la `passwd -l` limangoika chizindikiro cha `!` kutsogolo kwa pasiwedi mu `/etc/shadow`, ndiye pasiwediyo siigwiranso. Koma munthu wolowa ndi kiyi wa SSH safunsidwa pasiwedi. Munatseka khomo la kumaso, iye ankalowera la kuseri lomwe linali chitsegukire. Ambiri tinaphunzira zimenezi mwa njira yomweyo.

Tsopano njira ya a Gama. Maganizo ake ndi abwino, koma ili ndi bowo limene kuno ku Harare ndi lalikulu. Chotchera nthawi chimene `systemd-run` imapanga sichilembedwa malo okhalitsa, chimangokhala pa makina nthawi imene ayaka. Seva ikazima n'kuyakanso, chapita. Ndiye taganizani: mwatchera Lolemba, Lachitatu usiku magetsi azima, mabatire a inveta atha cha m'ma 3 m'bandakucha, m'mawa mufika n'kuyatsa seva. Zonse zikuoneka bwino. Lachisanu 5 koloko ikwana ndipo palibe chochitika, palibenso uthenga wokuuzani kuti palibe chachitika.

Chimene ndimalimbikira ine n'chakuti musadalire chinthu chimene chiyenera kudzachitika tsiku lomaliza. Tsikulo lilembedwe pa chilolezo penipenipo, kuti nthawi iliyonse munthu akagogoda, makina aziyang'ana wotchi n'kuyerekeza ndi tsiku lolembedwalo. Zikatero seva izime kakhumi, chilolezo chidzathabe, chifukwa palibe woyenera kukumbukira kanthu.

Gama_Highfield (9:35)

Amalume, ine yanga sinalepherepo.

Amalume Phiri (9:41)

Ndikukhulupirira, achimwene. Koma makina anu ali kuti?

Gama_Highfield (9:43)

Ndi obwereka, ali kunja kwa dziko. Chabwino, ndamva, sazima ngati a kuno. Komabe munthu angathe kulemba mu cron tsiku lomwelo.

Amalume Phiri (9:52)

Cron ya masiku onse ikapeza makina ali ozima pa mphindi imene munalemba, sibwereranso kukachita zomwe yaphonya. Ngati magetsi kulibe Lachisanu 5 koloko, mzere wanuwo udikira 14 Malichi wa chaka chamawa. Vuto ndi lomwe lija.

Nabanda, tisanalembe kalikonse ndiuzeni ntchito yeniyeni imene munthuyu agwire. Akufunikiradi kukhala root pa makina onse?

Nabanda wa ku Mufakose (10:05)

Ndamufunsa pa foni. Akuti asintha zina mu `postgresql.conf`, aona mafunso amene akuchedwa mu detabesi, aika ma indekisi, alemba kasikiripiti ka bakapu koyenda usiku uliwonse, ndipo azifunika kuyambitsanso PostgreSQL kangapo. Nditafunsa chifukwa chofunira sudo yonse anati "kuti ndisamakuvutitseni."

Amalume Phiri (10:38)

Akuvutitseni ndithu, ntchito yake ndi imeneyo. Zonse zimene watchulazi zikukwana ndi zinthu ziwiri. Choyamba akhale wotha kugwira ntchito ngati `postgres`, chifukwa pa Ubuntu mafayilo a mu `/etc/postgresql/14/main/` mwini wake ndi akaunti imeneyo. Chachiwiri, lamulo limodzi lokha la root, loyambitsanso detabesi. Mu gulu la sudo asalowemo.

Sudo ili ndi mawu akuti `NOTAFTER` kuyambira pa 1.8.20, ndipo ya pa Ubuntu 22.04 ndi 1.9.9, ndiye muli bwino. Tsegulani fayilo ndi `sudo visudo -f /etc/sudoers.d/kontra` mulembe izi:

```
kontra ALL=(postgres) NOTAFTER=20250314170000+0200 ALL
kontra ALL=(root) NOTAFTER=20250314170000+0200 /usr/bin/systemctl restart postgresql
```

Manambalawo ndi chaka, mwezi, tsiku, ola, mphindi, masekondi. Kumapetoko `+0200` ndi nthawi yathu ya kuno, yomwe ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Musaisiye. Mukapanda kulemba kanthu kumapeto, sudo imatenga nthawi imene seva yaikidwa, ndipo maseva ambiri amasiyidwa pa UTC chiikire. Pamenepo 17 yanuyo idzakhala 7 koloko usiku kuno. Ena amaika `Z` kumapeto osasintha ola, zotsatira zake n'zomwezo, munthu wapatsidwa maola awiri aulere.

Chenjeraninso ndi dzina la fayiloyo. Mu `/etc/sudoers.d/` fayilo iliyonse yokhala ndi kadontho m'dzina lake siwerengedwa. Mukaitcha `kontra.conf` sudo idzangoidumpha mwakachetechete, ndiye kontilakita adzakuimbirani kuti sizikugwira, inu mwatopa, n'kumuponya mu gulu la sudo kuti nkhani ithe. Ndaziona zikuchitika.

Imeneyo ndi mbali ya mphamvu. Akaunti yeniyeniyo nayo ikhale ndi tsiku lake:

```
sudo chage -E 2025-03-15 kontra
sudo chage -l kontra
```

Iyi ndiyo imatseka khomo la kuseri lija, chifukwa akaunti ikatha ngakhale wa kiyi amakanidwa. Ndalemba 15 osati 14 mwadala. Tsiku limene mwalemba ndi loyamba kukanidwa, ndipo `chage` sidziwa maola, imawerenga masiku athunthu pa UTC. Mukalemba 14 adzapezeka watsekeredwa kunja Lachisanu m'mawa ntchito isanathe. Mukalemba 15, mphamvu zitha 5 koloko madzulo, akaunti n'kutsekeka usiku womwewo cha m'ma 2 koloko kuno.

Nangozo (11:10)

Ndilowerereko pang'ono. Kwathu ku ofesi ya ma akawuntanti zonse ndi Windows, kodi zoterezi ziliko? Timalandira anthu a oditi chaka chilichonse ndipo maakaunti awo amangotsala.

Chisale_IT (11:24)

Ziliko mayi. Pa Active Directory akaunti iliyonse ili ndi malo olembapo tsiku lothera, pa tsamba la Account pamene palembedwa "Account expires". Zimenezo zokha zikuthandizani ndi a oditiwo. Palinso njira yoika munthu mu gulu kwa nthawi yochepa ndi `-MemberTimeToLive`, koma imafuna kuti foresti yanu ikhale pa mulingo wa 2016 ndipo muyatse Privileged Access Management Feature, yomwe mukaiyatsa simungaizimitsenso. Tsegulani nkhani yanu padera tikambirane bwino, tisasokoneze ya a Nabanda.

Koma Amalume, ine ndili ndi funso pa zanuzo. Mwati `(postgres) ALL`. Munthu akalemba `sudo -u postgres -i` 4 koloko Lachisanu n'kusiya windo lotsegula, 5 koloko ikakwana chimachitika n'chiyani?

Amalume Phiri (11:47)

Palibe chimene chimachitika, ndipo mwachita bwino kufunsa. Sudo imayang'ana `NOTAFTER` pa nthawi imene munthu akupempha kuyendetsa lamulo. Ikamulola, yamaliza zake. Shelo imene yatseguka kale ipitirira mpaka mwini wake atuluke kapena makina azime. Chimodzimodzi `chage`, imaletsa wolowa kumene, wokhala kale m'nyumba simutulutsa. Akakhala kuti ali mu tmux ndiye atha kutseka laputopu yake ntchito zake n'kumayendabe pa seva.

Ndiye Lachisanu pali kantchito kamene Nabanda ayenera kuchita ndi manja. Kusiyana kwake n'kwakuti akaiwala, choipa chimene chingatsale ndi windo limodzi lakale, osati khomo lotsegula miyezi inayi.

```
who
loginctl list-sessions
sudo loginctl terminate-user kontra
```

Gama_Highfield (11:55)

`pkill -u kontra` ndi yachidule.

Chisale_IT (12:03)

Yachidule koma imaphonya, achimwene. Zimene wayendetsa kudzera pa sudo mwini wake salinso kontra, ndi postgres kapena root. Chimene anachisiya chikuyenda kumbuyo ngati postgres, `pkill -u kontra` sichiona. Ndipo simungalembe `pkill -u postgres` chifukwa mupha detabesi yonse anthu akugulitsa. `loginctl` imatsata zonse zimene zinabadwira mu kulowa kwa munthuyo, kaya zavala dzina la ndani.

Gama_Highfield (12:06)

Apo ndagonja. Koma ndiye bwanji osangotchera `terminate-user` yomweyo kuti idzichite yokha 5 koloko?

Amalume Phiri (12:19)

Mutha kutero, ena amatero. Ine sindikonda pa ntchito ya detabesi. Tiyerekeze 5 koloko yakwana munthu ali pakati pobwezeretsa tebulo la katundu kuchokera mu bakapu, inu mwamudula. Loweruka m'mawa sitolo itsegulidwa tebulo lili theka. Kuli bwino muone kaye chimene chikuyenda, mumuimbire, kenako mudule.

Nabanda wa ku Mufakose (14:30)

Ndachita zonse. Ndisanamupatse ndinayesa kaye ndi akaunti yabodza, ndinaika `NOTAFTER` ya mphindi khumi kutsogolo. Poyamba `sudo -u postgres psql` inalowa, mphindi khumi zitadutsa inakana. Ndinayesanso `chage` ndi tsiku la dzulo, ndipo polowa ndi kiyi sizinatheke, mu `/var/log/auth.log` munalembedwa `account mayeso has expired`. Mtima wakhala pansi pang'ono.

Chinthu chimodzi chandidabwitsa. Nditalemba `timedatectl` ndapeza seva ili pa UTC monga munanenera Amalume, komanso pa mzere wa `System clock synchronized` palembedwa `no`. Ili m'mbuyo ndi mphindi 11. Zili ndi kanthu?

Amalume Phiri (14:52)

Zili ndi kanthu kwambiri, chifukwa zonse tamangazi zaima pa wotchi imeneyo. Mphindi 11 si vuto. Vuto ndi makina akale amene kabatire kake kakang'ono ka pa bolodi kanatha. Magetsi akazima n'kuyakanso, makina otero amadzuka ndi nthawi yakale, ndipo ngati sakutha kufunsa nthawi pa netiweki amakhala momwemo. Kwa sudo, ngati wotchi ikuti lero ndi tsiku la m'mbuyo, chilolezo chikadali chamoyo. Lembani `sudo timedatectl set-ntp true`, mudikire pang'ono muonenso. Ikakanabe, mwina fayawolo yanu ikutseka UDP 123 potuluka. Kabatireko ndi kotchipa, ka CR2032, mukapeza mpata kasintheni.

Nabanda wa ku Mufakose (15:20)

Inali fayawolo. Tsopano palembedwa `yes`.

Chisale_IT (16:02)

Ine ndikadali ndi nkhawa ina, ndipo ndikufuna tiinene poyera kuti a Nabanda asaganize kuti atseka ponseponse. Chimene chikutha Lachisanu ndi chilolezo chimene inu mwapereka. Zimene munthuyo adzipangire yekha ndi chilolezocho sizikutha. Ali postgres angathe kupanga wogwiritsa ntchito watsopano mu detabesi wokhala ndi mphamvu zonse, n'kutsegula mzere mu `pg_hba.conf` woti azilowa ali kutali. Angathe kuika kiyi wake mu `/var/lib/postgresql/.ssh/authorized_keys`, ndipo pa Ubuntu akaunti ya postgres ili ndi shelo, ndiye mawa lake alowa ngati postgres osadutsanso pa kontra. `NOTAFTER` sidziwa chilichonse cha zimenezi.

N'chifukwa chake kumupatsa sudo yonse yokhala ndi tsiku lothera kukanakhala kudzinamiza. Root angathe kungolemba `chage -E -1 kontra` n'kufufuta tsiku lija, kapena kutsegula fayilo ya sudoers n'kusintha chaka.

Nangozo (16:15)

Koma abale, si bwino kumuganizira munthu zoipa asanalakwe. Wabwera kudzathandiza.

Chisale_IT (16:24)

Sindikuti ndi wakuba, mayi. Ambiri amasiya zinthuzi chifukwa chofuna kufulumira, kapena akuganiza kuti mudzawaitananso mwezi wamawa. Koma laputopu yake ikabedwa mu kombi, wakubayo ndiye watenga kiyi wa seva ya a Nabanda. Mlendo ndi mame, koma kiyi wake sauma dzuwa likatuluka.

Amalume Phiri (16:50)

A Chisale anena zoona. Khomo la postgres pa SSH litsekeni lero, ndi mzere umodzi mu `sshd_config` umene kontilakita sangaukhudze popeza si root: `DenyUsers postgres`. Mukatero yesani ndi `sudo sshd -t` musanayambitsenso SSH, ndipo windo lanu lina likhale lotsegula kuti musadzitsekere kunja.

Zinazo mankhwala ake ndi kujambula m'mene zinthu zilili asanalowe, kuti Lachisanu mudzakhale ndi poyerekeza. Apo ayi mudzayang'ana mndandanda wa maina mu detabesi osadziwa kuti lachilendo ndi liti.

```
sudo -u postgres psql -c '\du' > ~/asanalowe_du.txt
sudo crontab -l -u postgres > ~/asanalowe_cron.txt
sudo cp /etc/postgresql/14/main/pg_hba.conf ~/asanalowe_hba.txt
```

Zikutengerani mphindi ziwiri.

Chisale_IT (17:04)

Ine ndikanapitirira apo. Sindikanamupatsa shelo ya postgres n'komwe. Ndikanamupangira dzina lake mu detabesi lokhala ndi `VALID UNTIL`, zosintha mafayilo azinditumizira ndiziika ndekha.

Amalume Phiri (17:18)

Njira imeneyo ndi yothina bwino, koma kumbukirani kuti Nabanda ali yekha ndipo akuyang'aniranso makina a pa kauntala. Akamayenera kuika ndi manja ake chilichonse chimene munthu wasintha, pofika Lachitatu adzatopa n'kupereka zonse. Komanso `VALID UNTIL` imangothetsa pasiwedi, dzinalo limatsala, ndipo amene walowa kale sadulidwa. Ine ndimasankha mpanda umene mwini wake angathe kuusunga mpaka Lachisanu.

Chisale_IT (17:22)

Apa sitigwirizana Amalume. Mu detabesimo muli maina ndi ngongole za makasitomala. Koma seva ndi ya a Nabanda, asankhe okha.

Nabanda wa ku Mufakose (17:40)

Nditsata ya Amalume ulendo uno, chifukwa Lachitatu ndikhala ku nthambi yathu ina tsiku lonse. Mafayilo atatu aja ndasunga, ndakoperanso pa laputopu yanga. Ndidzakuuzani.

Nabanda wa ku Mufakose (Lachinayi, 13 Malichi, 7:52)

A Gama, musakhumudwe, koma ndiyenera kunena. Usiku wathawu magetsi anazima, mabatire sanafike m'mawa, seva ndaiyatsa 7 koloko. Ndayang'ana `chage -l kontra` ndi fayilo ya sudoers, masiku ali momwemo, wotchi ili bwino.

Gama_Highfield (8:01)

Sindikhumudwa achemwali. Ndapita kale kukayang'ana makina a kasitomala wanga wina ku Msasa amene ndinawatchera njira yanga ija mu Januwale. Munthu akadali mu gulu la sudo. Ndamuchotsa pompano.

Nabanda wa ku Mufakose (Lachisanu, 14 Malichi, 16:10)

Abale, kontilakita waimba. Akuti detabesi yathamanga (n'zoona, a pa kauntala asiya kudandaula), koma bakapu akufuna aione itayenda usiku uno ndi mawa, ndiye ndimuwonjezere mpaka Lolemba. Abwana akuti ndingochotsa tsikulo kuti tisamavutike. Nditani?

Amalume Phiri (16:21)

Pempho lake ndi lomveka, bakapu imene sinayesedwe si bakapu. Koma tsiku musalichotse, lisuntheni. Ndipo dzifunseni chimene akufunikira kuti aone ngati yayenda. Kuyambitsanso detabesi sakufunikanso, ndiye mzere wa root uja usiyeni ufe 5 koloko monga tinapangira. Musinthe wa postgres wokha ukhale `20250317120000+0200`, ndi `chage -E 2025-03-18`. Abwana muwauze kuti kusuntha tsiku ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo muwapemphe akulembereni uthenga wovomereza kuti pakhale umboni wa amene analola.

Nabanda wa ku Mufakose (16:44)

Ndatero. Abwana alemba.

Nabanda wa ku Mufakose (Lolemba, 17 Malichi, 13:36)

Ndabwera ndi lipoti. 12 koloko itadutsa ndinalemba `who`, panalibe munthu. Koma `loginctl list-sessions` inaonetsabe kontra, ndipo nditafufuza ndinapeza tmux yomwe anatsegula Lachisanu, mkati mwake muli `psql` ngati postgres, yangokhala. Ndinamuimbira, anati waiwala, palibe chikuyenda. Ndinadula ndi `terminate-user`.

Kenako ndinayerekeza ndi mafayilo atatu aja. `pg_hba.conf` sinasinthe. Mu detabesi muli dzina limodzi latsopano la bakapu, lopanda mphamvu zonse, ndipo analilemba mu lipoti lake. Mu cron ya postgres muli mzere umodzi wa 1 koloko usiku, monga tinagwirizanira.

Koma nditatsegula sikiripitiyo kuti ndiiwerenge, kumapeto kwake kuli `rsync` yotumiza bakapu malo awiri. Amodzi ndi disiki yathu ya mu ofesi ya abwana. Enawo ndi adiresi imene sindikuidziwa. Mu `/var/lib/postgresql/.ssh/` muli kiyi watsopano, osati wolowera kuno, koma wotulukira kupita kumeneko. Ndamufunsa, akuti ndi seva yake, anachita dala kuti tikhale ndi kope kunja kwa sitolo ngati kutabuka moto, ndipo amachitira makasitomala ake onse. Ndiye kuti detabesi yathu yonse yapita kwa iye mausiku atatu, ndipo ikanapitabe usiku uliwonse akaunti yake ili yotseka.

Chisale_IT (13:49)

Ndi zimene ndinkaopa, ngakhale sindinaganize za njira yotulukira. Chotsani mzerewo tsopano, 1 koloko ya usiku isanakwane, ndi kiyiyo. Ndipo alembe kalata yoti wafufuta makope atatuwo.

Amalume Phiri (14:05)

Ikani `#` kutsogolo kwa mzerewo lero, zimenezo n'zosakambirana, popeza palibe amene analola. Ndivomere kuti pa mndandanda wanga wa zoyang'ana sindinaikepo kuwerenga sikiripiti yeniyeniyo, mwachita bwino kuitsegula. Koma mfundo yake yoti kope lina likhale kunja kwa nyumbayo ndi yoona. Disiki ya mu ofesi ya abwana ili pansi pa denga limodzi ndi seva. Funso n'lakuti kopelo lipite kuti, ndipo akaunti ya kumeneko ikhale m'dzina la ndani. Ikhale ya sitolo, ndipo fayiloyo izitsekedwa ndi kiyi wanu isanatuluke.

Nangozo (14:12)

Mwina munthuyo anachitadi ndi mtima wabwino.

Chisale_IT (14:15)

Mwina. Koma akanalemba mu lipoti monga analembera zinazo.

Nabanda wa ku Mufakose (14:40)

Mzere ndautseka, kiyi ndamusuntha, ndayendetsa sikiripiti pamanja ndipo kope lafika pa disiki yathu. Fayilo ya `/etc/sudoers.d/kontra` ndaichotsa. Akaunti ndaisiya kaye, itsekeka yokha usiku uno, ndikufuna ndione kaye zimene zili mu foda yake ndisanaifufute.

Abwana akuti iwo sakuona vuto kuti kope lizikhala kwa kontilakitayo, popeza ndi laulere ndipo amamudziwa kuyambira kale. Ndawapempha tikhale pansi mawa 9 koloko. A Chisale, ngati muli ndi chitsanzo cha kalata yofufutira makope ija nditumizireni ku inibokosi madzulo ano.